Wa naiti akafuna mendulo

Anthu amene amalemba ndandanda yokonzekera mpikisano wothamanga onse amagona usiku. Mukaiwerenga imati dzukani 5 koloko m'mawa mutagona maola 8, muthamange kunja kusanatenthe. Ine 5 koloko m'mawa imandipeza nditaima pa uvuni mu fakitale ina yophika buledi muno mu Blantyre, maso ali psuu, ndikuwerenga mathileyi n'kumaiwala pamene ndalekezera. Ndimalowa 8 koloko usiku n'kuweruka 6 koloko m'mawa, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Munthu wotereyu, yemwe mimba yake inakula ndi buledi wophwanyika amene amati ngwosagulitsika, ndi amene walembetsa mpikisano wa makilomita 21.

Chifukwa chake musandifunse. Mayi a kunyumba anafunsa kale, ndipo yankho langa lakuti omaliza amapatsidwa mendulo silinawagwire mtima. Akuti mendulo sathira mu ndiwo.

Mtunda wake weniweni ndi makilomita 21.1, theka la mpikisano waukulu uja wa makilomita 42.195. Mukafuna kuumva m'miyendo, zungulirani bwalo la mpira maulendo pafupifupi 60. Akatswiri a ku Kenya, Ethiopia ndi Uganda amaumaliza ola lisanakwane. Ine ndikufuna kuumaliza m'maola awiri ndi mphindi 15, nthawi yoti anzangawo asamba, adya, mwinanso akwera kale ndege. Kuti zitheke ndiyenera kutha kilomita iliyonse m'mphindi 6 ndi masekondi 24, osati kamodzi, koma ka 21 motsatizana.

Wondiphunzitsa ndi a Sajeni, msilikali wopuma pantchito amene tinayandikana nyumba ku Ndirande. Sanandifunse liwiro langa, mwina pondimvera chisoni. Anafunsa ngati ndingathe kuthamanga mphindi 30 osaima, chifukwa wosakwanitsa zimenezo ayenera kuyamba wafika pamenepo asanalote za masabata 12 okonzekera. Nditavomera ndi mawu a munthu wosatsimikiza, anatsitsa kalendala ya tchalitchi pakhoma.

"Mphwanga, ndi masiku ati amene umagona usiku pabedi pako?"

"Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, akulu."

"Basi. Zolemera zonse zikhala m'mawa wotsatira usiku umene wagona. Masiku enawo ndi ongosunga moto."

Ndandanda yonse yagona pa mawu amenewo. Kuthamanga pakokha sikulimbitsa munthu. Kumatopetsa minofu n'kuivulaza pang'ono, ndipo thupi limaikonza ndi kuilimbitsa munthu akamapuma, makamaka ali m'tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Wa naiti akagona masana nthawi zambiri amapeza 5 kapena 6, ndipo odukaduka, chifukwa m'thupi muli wotchi imene simvera kapitawo. Wotchiyo imayendera kuwala. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha thupi limazizira ndipo tulo timafika pachimake, pomwe ine ndikutulutsa buledi. Dzuwa likatuluka ubongo umalamula kuti tidzuke, pomwe ine ndikufunda bulangete. Tulo timene munthu sanagone ndi katapila: ukabwereka Lachiwiri, chiwongoladzanja chimakupeza Loweruka pa chitunda, ndipo mwini ndalama samva zoti mwana wadwala.

Choncho sabata yanga siyamba Lolemba ayi. Imayamba Lachisanu, tsiku lotembenuka. Ndimafika kunyumba cha m'ma 7 koloko, kumwa phala, kugona. Koma tsiku limeneli a Sajeni amandilola maola 4 okha. Ikamakwana hafu 11 ndiyenera kudzuka, kutuluka padzuwa, kuyenda wapansi kupita kumsika, kuchita chilichonse chondiletsa kubwerera pabedi. Ndikagona mpaka 3 koloko masana, usiku ndikhala maso mpaka atambala, ndipo Loweruka latha lisanayambe. Palibe kuthamanga Lachisanu. Ntchito ya tsikuli ndi kupirira tulo mpaka 9 koloko usiku, ndipo ndi yolemera kuposa kuthamangako. Masana ake ndimayankha mafunso amene sanafunsidwe, ndipo mayi a kunyumba anazindikira kuti ndi nthawi yabwino yondivomeretsa zogula.

Loweruka m'mawa ndi tsiku la mtunda wautali, mzati wa ndandanda yonse. Ndimadzuka 5 koloko, kumwa tiyi ndi kagawo ka buledi, ndipo ikamakwana 6 ndili pamsewu. Ndimakonda msewu wa Masauko Chipembere wopita ku Limbe, chifukwa popita umakwera ndipo pobwera, miyendo itatha, umatsika. Umadutsanso pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, zimene zimandikhazika mtima pansi.

Lamulo la Loweruka ndi kuthamanga pang'onopang'ono mochititsa manyazi: kilomita imodzi m'mphindi 7 kapena 7 ndi theka, kuchedwerapo kuyerekeza ndi liwiro la pa mpikisano. Muyeso wake sufuna wotchi yodula. Ngati ndingathe kupereka moni wathunthu, kufunsa za kunyumba n'kuyankha za ana popanda befu kundidula mawu, ndiye kuti liwiro lili bwino. Ndikayamba kuyankha moni ndi dzanja lokha, ndathamangitsa. Cholinga ndi kuzoloweretsa mtima, minofu ndi mafupa kukhala panjira nthawi yaitali, ndipo wothamangitsa Loweruka amafika Lolemba alibe miyendo. Vuto ndi lakuti pa liwiro limeneli amayi osenza madengu a tomato amandipitirira, ena mpaka kundilimbitsa mtima kuti ndisafooke.

Mtundawo umakula motere pa masabata 12: makilomita 8, 9, 10, kenaka kubwerera pa 8, makilomita 12, 13, 14, kenaka kubwerera pa 10, makilomita 16, 18, 12, ndipo Loweruka lomaliza ndi mpikisano. Pa sabata ya 4 ndi ya 8 mtunda umabwerera m'mbuyo dala, kuti thupi lipeze mpata wokonza zimene zaphwanyika m'masabata atatuwo. Kwa wa naiti sabata yopepukayo siyodumpha, chifukwa iye amachira mochedwa kuposa wogona usiku. Mwaonanso kuti palibe tsiku lothamanga makilomita 21 mpikisano usanafike. Wokwanitsa 18 ali yekha, amene kwa ine ndi maola awiri ndi mphindi 10 panjira, atatu otsalawo adzawamaliza ndi miyendo yopuma komanso mantha oti anthu akuona.

Ulendo ukapitirira ola limodzi ndimanyamula kabotolo ka madzi ndi nthochi imodzi yodya pakati panjira. Ndalama ya minibasi sindinyamula. Makondakitala a pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri ali ndi diso lodziwa munthu amene chikhulupiriro chake chayamba kugwedezeka, ndipo mawu akuti "akulu, tiyeni, malo alipo" amakoma kwambiri pa kilomita ya 14.

Lamulungu ndi tsiku lopuma, ndipo ndi gawo lokhalo la ndandanda limene ndinalidziwa bwino kuyambira pachiyambi. Kuyenda wapansi kupita kutchalitchi kwakwana. Pogwada mawondo amalira, ndipo oyandikana nawo amaganiza kuti ulaliki wandikhudza.

Lolemba m'mawa ndagona usiku masiku atatu otsatizana, ndipo padutsa maola 48 chithamangireni mtunda wautali. Limeneli ndiye tsiku la liwiro. Ndimapita pa bwalo la sukulu ana asanafike. Mphindi 10 zoyamba ndi zotenthetsa thupi, kuthamanga mwaulesi. Kenaka mphindi 3 zothamanga mwamphamvu, pa liwiro loti ndingatchule mawu awiri kapena atatu okha, n'kutsatiza mphindi 2 zopumira ndikuthamangabe pang'onopang'ono. Zimenezi kasanu. Pomaliza mphindi 10 zoziziritsa. Zonse pamodzi ndi mphindi 45. Kuyambira sabata ya 7, a Sajeni amasintha: mphindi 8 pa liwiro lenileni la mpikisano, katatu, ndi mphindi 2 zopumira pakati, kuti miyendo iloweze mphindi 6 ndi masekondi 24 zija mutu usanatenthe ndi khamu la anthu.

Chizindikiro chakuti zayenda bwino ndi chakuti ulendo wachisanu ufanane ndi woyamba. Munthu wa mtundu wanga amakonda kuuluka pa woyamba pamene pali atsikana opita kotunga madzi, n'kudzamaliza wachisanu atagwira goli. A Sajeni akaona zotero amangoti, "Kuthamanga si kufika, mphwanga," n'kuyatsa wailesi yawo.

Lolemba lomwelo usiku ndilowa naiti yoyamba, ndiye masana ndiyenera kugona ola limodzi ndi theka, kuyambira 2 koloko mpaka hafu 3. Popanda tulo timeneti ndikhala maso kuyambira 5 koloko m'mawa Lolemba mpaka 7 koloko m'mawa Lachiwiri, maola 26, ndili pafupi ndi uvuni wamoto. Apa nkhani yasiya kukhala ya mendulo, yasanduka ya zala.

Lachiwiri palibe kuthamanga. Apa mpomwe ambiri a ife timapusitsidwa. Ukaweruka 6 koloko kunja kukuzizira bwino, msewu uli phee, nsapato zili m'chikwama, ndipo mutu umati bwanji ndingothamanga pobwerera kunyumba ndithane nazo. A Sajeni amakana kwamtuwagalu, pa zifukwa zitatu. Munthu wosagona saponda bwino, ndipo maenje ndi miyala ya m'njira za ku Ndirande sizikhululuka. Kuthamanga kumatenthetsa thupi ndi kufulumizitsa mtima pa nthawi imene ukufuna kuti zonse zitsike. Ndiponso dzuwa la m'mawa likalowa m'maso kwa ola lathunthu, wotchi ija imatsimikiza kuti kwacha, tulo n'kuthawa. Mathero ake wapeza makilomita 5 osathandiza, wataya maola awiri a tulo.

Masiku a naiti maphunziro enieni ndi kugona, ndipo ali ndi malamulo ake. Tiyi kapena khofi womaliza ndimamwa 1 koloko usiku, chifukwa mphamvu yake imatenga maola pafupifupi 5 kuti ingotsika ndi theka. Kapu ya 5 koloko m'mawa, imene imakoma kuposa zonse, imakhala idakali m'magazi pamene ukuwerenga mabowo a malata masana. Chakudya chachikulu, nsima ndi ndiwo, ndimadya madzulo ndisanalowe ntchito. Pakati pa usiku kanthu kochepa, mbatata kapena nthochi. M'mawa phala lokha, kuti njala isandidzutse koma mimba isalemere. Pawindo ndinapachika bulangete lakuda, m'makutu ndimatseka ndi thonje, foni ndimazimitsa. Ndimagona hafu 7, ndi cholinga chodzuka cha m'ma 2 koloko.

Cholinga chimenecho chili ndi adani. Malata akatentha m'ma 11 koloko chipinda chimasanduka nthambi ya kuntchito. Wogulitsa makala amaima pawindo langa lenilenilo. Wa bonya amabwera wa makala akangochoka, mwina amapangana. Mnyamata wa nyumba yoyandikana anagula sipika yaikulu ndipo akufuna dziko lidziwe. Kenaka apongozi, amene anabwera kudzatichezera kwa masiku ochepa mwezi wathawu ndipo adakalipo. Iwo amaona mkamwini akugona dzuwa lili paliwombo, n'kudzamuonanso madzulo akuthamanga popanda womuthamangitsa. Anaitana mwana wawo pambali.

"Kodi bambo a kunyumba kunowa, kuchipatala munapita nawo?"

"Ali bwino, amayi. Akukonzekera mpikisano."

"Wopambana apatsidwa chiyani?"

"Iwowa sapambana, amayi."

Kukhulupirika kwa mkazi wanga pa choonadi sindinakukayikirepo.

Lachitatu ndi tsiku lokhalo lothamanga pakati pa manaiti, ndipo nthawi yake ndi 4 koloko madzulo. Pamenepo ndagona, ndadya kanthu, dzuwa lapepuka, ndipo madzulo ndi nthawi imene thupi limakhala lotentha ndi lomasuka bwino. Mpata wake ndi wochepa, chifukwa kuno ikamakwana 6 koloko kwada, makamaka m'miyezi yozizira. Ndimathamanga mphindi 35 kapena 40 pa liwiro lopereka moni lija, kusamba, kudya nsima, kukwera minibasi. Kuthamanga kumeneku sikufuna ulemerero. Ntchito yake ndi yakuti miyendo isakhale masiku anayi osaponda msewu.

Lachinayi madzulo ndi mphindi 20 za mafizo kuseri kwa nyumba, kumene apongozi saona. Kunyonyomala ndi kudzuka ka 12. Kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde ka 10 mwendo uliwonse. Kuimirira pa zala za kumapazi n'kutsika pang'onopang'ono ka 15, zolimbitsa akatumba. Kugona chafufumimba n'kudzikweza pa zigongono kwa masekondi 30. Zonsezi katatu. Munthu woima usiku wonse pa simenti amafika pamsewu miyendo itatopa kale, ndipo mafizowa ndi amene amathandiza mawondo ndi misongolo kupirira mtunda ukamakula.

Sabata yonse ndi imeneyo: kuthamanga katatu, mafizo kamodzi, kupuma katatu. Papepala imaoneka bwino. Koma pepala silidziwa kuti kuli maovataimu, maliro, zinkhoswe ndi mwana wotentha thupi usiku, ndiye a Sajeni anandipatsa njira ziwiri zodziwira tsiku loyenera kugonja.

Yoyamba ndi kuwerenga maola. Ndikagona osakwana 5, kuthamanga kwa tsikulo kumatsika sitepe imodzi: liwiro limasanduka kuthamanga kwa moni kwa mphindi 30, ndipo kuthamanga kwa moni kumasanduka kuyenda wapansi. Yachiwiri ndi kugunda kwa mtima. Ndikangodzuka, ndisanatsike pabedi, ndimaika zala ziwiri pambali pa khosi n'kuwerenga kwa mphindi imodzi. Wanga umagunda ka 62 zinthu zikakhala bwino. Ukapitirira ndi 7 kapena kuposerapo, thupi silinachire kapena mukubwera matenda. Chofunika ndi kuyerekeza zofanana: kudzuka kwa masana ndi kudzuka kwa masana, kwa m'mawa ndi kwa m'mawa. Musawerengenso mutangodzutsidwa ndi mwini nyumba wofuna lendi, chifukwa nambala yake ilibe ntchito pa zamasewero.

Tiyerekeze kuti Lachinayi usiku makina avuta ndipo taweruka 9 koloko m'malo mwa 6. Ndagona 10 koloko, ndaphonya kudzuka, ndatsegula maso 4 koloko madzulo. Usiku tulo tabwera 2 koloko. Loweruka m'mawa ndagona maola atatu, mtima ukugunda ka 71, ndipo kalendala ikuti makilomita 14. Mwamuna wa mkati mwanga amati tiyeni. Ndandanda imati Loweruka ndingoyenda wapansi, makilomita 14 apite Lamulungu m'mamawa mapemphero asanayambe, ndipo Lolemba, poti padutsa tsiku limodzi lokha, liwiro lichoke, patsale mphindi 30 za moni. Liwiro lotayikalo silibwezedwa Lachitatu. Lapita basi. Pa zinthu zitatu za sabata, mtunda wautali ndi umene umatetezedwa, ndipo wofuna kubweza zonse zimene anaphonya amathera pa benchi ya chipatala.

Zowawa nazo zili mitundu iwiri. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba mbali zonse ziwiri, kumene kumachepa ukatenthetsa thupi ndipo kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu, ndi kwabwinobwino. Koma ululu wa malo amodzi pa fupa la msongolo kapena la phazi, woti ungauloze ndi chala chimodzi, umene ukukula ukamathamanga kapena kukutsimphinitsa, ndi wosiyira pomwepo n'kupita kuchipatala, chifukwa fupa limatha kuchita mng'alu ndi kupondaponda. Thupi likatentha, palibe kuthamanga kuti thukuta lichotse matenda, monga amalangizira madokotala a pa bawo. Kayezetseni malungo. Ndipo kupweteka kwa pachifuwa kapena chizungulire pothamanga si nkhani yokambirana ndi a Sajeni.

Chatsala ndi sabata ya mpikisano. Mpikisano umayamba m'mamawa, nthawi imene thupi la wa naiti linazolowera kuti tsiku latha. Usiku umodzi wa Lachisanu sukwanira kulitembenuza, makamaka poti usiku womaliza munthu sagona bwino ndi nkhawa. A Sajeni akuti ndipeze usiku utatu wogona pabedi, kutanthauza kuti naiti ya Lachitatu ndi ya Lachinayi zichoke. Sabata imeneyo kuthamanga ndi kochepa: mphindi 30 Lolemba, mphindi 20 Lachinayi m'mawa pa ola lenileni la mpikisano, mafizo ayi. Nsapato ndi zomwe zija ndinagula pa kaunjika n'kuthamanga nazo masabata onsewa, zokhala ndi mpata wa chala chachikulu cha kumanja kutsogolo kwa zala. Chakudya ndi chomwe mimba ikuchidziwa: nsima madzulo, tiyi ndi buledi kutatsala maola awiri. Tsiku la mpikisano si loyesera zatsopano, ngakhale zaulere.

Nkhani ya manaiti awiriwo ndinaitengera kwa akapitawo kudakali nthawi. Anandiyang'ana kumaso, kenaka pamimba, n'kunena kuti ndipeze ndekha wosinthana naye. Mnzanga wa shifiti ya masana anamvetsera mwachifundo chonse.

"Achimwene, nkhani yaing'ono imeneyo. Ndikugwirirani masiku awiriwo."

"Mulungu akudalitseni, achimwene."

"Inu mudzandigwirira pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere."

Ndinavomera, chifukwa linali Lachisanu masana. Ndiye amene mudzagule buledi pa zikondwererozo n'kumupeza wapserera mbali imodzi, musadzabweze kugolosale. Mudzadye mwaulemu, wophika wake ndi munthu wa zamasewero.